Masana Amene 7 Anaima Patsogolo pa 4

Chaka changa chomaliza ku koleji ananditumiza kukayeserera uphunzitsi pa sekondale ina yoyendera, kumapiri kuseri kwa Mvera. Ndinkaphunzira kaphunzitsidwe ka masamu ndi kompyuta. Lamulo lake linali losavuta kumva: a lekichala amabwera kawiri kudzakuonerera ukuphunzitsa, ndipo ukagwa maulendo onse awiri umabwereza chaka chamawa, anzako akuvala mikanjo. Ine ulendo woyamba ndinali nditagwa kale.

Amene anandigwetsa anali mayi wina wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, amene sankaseka komanso sankakalipa. Anandilembera kuti ndinayankhula ndekha kuyambira belu mpaka belu, ana ali duu ngati ali pa ulaliki. Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Zinandipwetekanso chifukwa mayi anga ku Bowe anali atauza kale amayi anzawo onse a kutchalitchi kuti mwana wawo amaliza chaka chomwecho, ndipo nsalu yodzavala pa tsikulo inali kale kwa telala.

Pa ulendo wachiwiri mutu wa phunziro unali woti ntchito imodzi kompyuta ingathe kuigwira m'njira ziwiri, ndipo tiyenera kudziwa kuziyerekeza. Ndinasankha kusanja manambala kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, pogwiritsa ntchito njira ziwiri zimene m'mabuku amazitcha babulo soti ndi meji soti. Mphunzitsi amene ndinkagwirizira kalasi yake anati ndadzisankhira katundu wolemera, ndikanangophunzitsa mayina a mabatani. Koma ine ndine wamakani, ndipo ndinkafuna mayi wa magalasi uja aone kuti si kuti ndinalowa koleji pawindo.

Makompyuta pasukulupo analipo anayi, oyaka awiri, ndipo magetsi ankabwera akafuna okha. Choncho ndinadula katoni ya sopo n'kupanga zikwangwani zisanu ndi chimodzi, chilichonse n'kulembapo nambala yaikulu ndi makala: 7, 3, 9, 4, 8, 2. Ana asanu ndi mmodzi adzanyamula zikwangwanizo, iwowo ndiwo adzakhale manambala. Ndinayeserera ndi ana a folomu 4 a m'mawa sabata yathunthu, mpaka ankachita kuthamanga, akukankhana ndi kuseka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsikulo mvula inagwa m'bandakucha, galimoto ya a lekichala inatitimira m'matope cha ku Chezi, ndipo anafika ana anga a m'mawa ataweruka kalekale. Anatsika matope ali m'miyendo, nanena kuti mawa ali ndi sukulu zina zitatu, sabweranso kuno. Ngati pali kalasi iliyonse, ndiphunzitse imeneyo. Kalasi imene inalipo inali ya masana.

Amene sanaphunzitsepo kalasi ya masana saidziwa. Kumabwera anthu amene sukulu inawadutsa ndipo akuithamangira pambuyo: amayi oyamwitsa, anyamata a kabaza, atsikana amene analephera mayeso chaka chatha, ndi abambo a imvi ofuna satifiketi. Ndinali nditawaphunzitsapo masamu kangapo, koma za zikwangwanizi anali asanazionepo. Pogawa zikwangwani ndinangotsata amene anakhala kutsogolo. Cha 7 chinagwera bambo wina wa zaka zopitirira makumi asanu, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, amene ankabwera m'kalasi atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji. Cha 4 chinagwera mtsikana wina wofatsa amene ankabwereza folomu 4. Aliyense m'kalasimo ankadziwa kuti bamboyo ndi amalume ake enieni a mtsikanayo, ndipo ndiwo anamubwezera kusukulu. Inenso ndinkadziwa, koma sindinaganizepo kanthu.

Ndinawaimika kubolodi phewa ndi phewa, atayang'ana kalasi, monga ndinalembera: 7, 3, 9, 4, 8, 2. Ndinafotokoza kuti kompyuta siona mzere wonse nthawi imodzi ngati ife. Imangotha kutenga manambala awiri n'kufunsa kuti wamng'ono ndi uti. Funso limenelo ndilo ntchito yake, ndipo njira yabwino ndi imene yafunsa mafunso ochepa. Tinagwirizana kuti funso lililonse kalasi iziwerenga mokweza, ine ndizilemba kamzere ka choko pabolodi.

Tinayamba ndi babulo soti. Lamulo lake ndi limodzi: uyambire kumanzere, ufunse anthu awiri oyandikana, ndipo ngati wamkulu ali kumanzere asinthane malo. Kenako usunthe phazi limodzi, ufunsenso. 7 ndi 3 anasinthana. 7 ndi 9 anakhala momwemo. 9 ndi 4 anasinthana, 9 ndi 8 anasinthana, 9 ndi 2 anasinthananso. Mayi amene ananyamula 9, wogulitsa tomato pamsewu, anafika kumapeto kwa mzere akuti wayenda ngati akupita kuchigayo, kalasi n'kuseka. Mafunso anali asanu, ndipo mzere unali 3, 7, 4, 8, 2, 9. Ndinawaonetsa kuti ulendo umodzi wotere umakankhira nambala yaikulu kwambiri kumalo kwake, ndiye 9 sitimufunsanso.

Ulendo wachiwiri unali wa mafunso anayi. 3 ndi 7 anakhala. 7 ndi 4 anayenera kusinthana, ndipo amalume aja anangozungulira okha kumbuyo kwa mtsikanayo, iye n'kusendera pang'ono, palibe chovuta. 7 ndi 8 anakhala, 8 ndi 2 anasinthana, mzere n'kukhala 3, 4, 7, 2, 8, 9. Ulendo wachitatu, mafunso atatu, 7 anasinthana ndi 2, tinapeza 3, 4, 2, 7, 8, 9. Wachinayi, mafunso awiri, 4 anasinthana ndi 2. Wachisanu, funso limodzi lokha, 3 anasinthana ndi 2. Mnyamata wa kabaza amene ananyamula 2 anadandaula kuti ulendo uliwonse amangosuntha phazi limodzi, pamene 9 anafika tsiku lomwelo. Ndinati wanena zoona, ndipo ndi chifukwa chake njirayi imachedwa nambala yaing'ono ikakhala kumapeto. Pabolodi panali timizere 15, ndipo mzere unali 2, 3, 4, 7, 8, 9.

Ndinaba kuyang'ana kumbuyo kwa kalasi. A lekichala anali akulemba, nkhope ili chimodzimodzi. Komabe mtima wanga unayamba kutsika, chifukwa anthu ankayankha, ena mpaka kuimirira kuti aone bwino.

Pa meji soti ndinawabwezera monga anayambira, n'kupempha kuti madesiki awiri a kutsogolo akankhidwe. Ndinati njira yoyamba ija tinaichitira pamalo pomwe tinaima, koma iyi imafuna bwalo lina loikapo anthu osanjidwa, ndipo m'kompyuta ndi chimodzimodzi, imadya malo owonjezera. Kenako ndinadula mzere pakati: 7, 3, 9 uku, 4, 8, 2 uko. Gulu lililonse ndinalidulanso mpaka aliyense anatsala yekha, poti munthu mmodzi ndi wosanjika kale. Kudulako kulibe funso. Mafunso amayamba polumikiza.

Kumanzere tinafunsa 7 ndi 3, tinapeza 3, 7. Polumikiza awiriwa ndi 9 tinafunsa 3 ndi 9, kenako 7 ndi 9, ndipo 9 anangotsatira. Gulu linakhala 3, 7, 9, litadya mafunso atatu. Kumanja tinafunsa 4 ndi 8, tinapeza 4, 8. Polumikiza ndi 2 tinafunsa 4 ndi 2, 2 n'kutuluka, ndipo 4 ndi 8 anatsatira popanda funso chifukwa anali osanjika kale. Gulu linakhala 2, 4, 8, litadya mafunso awiri. Timizere tinali tisanu.

Chinatsala ndi kulumikiza magulu awiriwo, ndipo apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Ndinawaimika m'mizere iwiri yondondozana, wamng'ono patsogolo, ndipo pofuna kuti amve msanga ndinati aime ngati mmene timachitira kutchalitchi popita kukapereka, mizere iwiri yolowera pakanjira kamodzi. Lamulo ndi loti tizifunsa awiri okha amene ali patsogolo, ndipo wamng'ono azituluka n'kukaima kubolodi. Ndi ana anga a m'mawa fanizo limenelo linkagwira bwino kwambiri.

3 ndi 2, anatuluka 2. 3 ndi 4, anatuluka 3. Tsopano patsogolo pa mizere panaima amalume ndi chikwangwani cha 7, ndi mwana wa mlongo wawo ndi cha 4. Kalasi inawerenga funsolo. Mtsikanayo anayang'ana pansi, nabwerera phazi limodzi, maondo atapinda pang'ono. Amalume, amene moyo wawo wonse akafika pakhomo lililonse ana amapatuka, anangoyenda n'kukaima kubolodi, osaganizanso kawiri.

Ndinaona. Ndinene pano poyera, chifukwa kwa zaka zingapo nkhaniyi ndinkaikamba ngati sindinaone. Choko chili m'manja, pakamwa panatseguka, koma mawu sanatuluke. Ndikanati chiyani? Ndiuze bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, kuti abwerere adikire mwana, anthu onse akuona? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinalemba kamzere kanga, n'kuitana funso lotsatira. 9 ndi 4, anatuluka 4. 9 ndi 8, anatuluka 8, ndipo 9 anatsatira. Timizere tinakwana 10.

Anyamata a kumbuyo anayamba kuomba m'manja kuti 10 wagonjetsa 15. Koma kubolodi kunaima 2, 3, 7, 4, 8, 9. A lekichala anali atasiya kulemba, atavula magalasi, akundiyang'ana. Ndinaganiza zofufuta timizere msanga n'kuuza anthuwo kuti akhale pansi, mwina zidutsa. Ndinaganizanso za nsalu ya mayi anga kwa telala, ndipo ndinachita mantha enieni.

Sindinganene kuti chimene ndinachita chinali nzeru. Ndinangosowa pothawira. Ndinapempha kalasi kuti iwerenge mzerewo mokweza. Anayamba bwino, koma atafika pa 7 ndi 4 mawu anazirala. Aliyense anali ataona, ndipo aliyense ankadikira mnzake. Mtsikana uja anali atabisa nkhope kuseri kwa chikwangwani chake.

Amene anayankhula anali amalume omwewo. Anasuzumira chikwangwani chawo, nasuzumira cha mtsikanayo, n'kukanda kumutu.

"Madamu, apa ndalowa m'munda mwa eni," anatero. "Koma bwanji makina anuwa sanandibweze? Njira yoyamba ija inkabwerabwera kudzatifunsanso."

Funso limenelo linandipatsa mpweya. Ndinafotokoza kuti liwiro la meji soti lagona pomwepo: ikatulutsa munthu sibwereranso kukamufunsa, chifukwa imadalira kuti funso lililonse layankhidwa moona. Kompyuta yeniyeni singalakwitse funso lotere, poti siidziwa malume. Kalasi inaseka pang'ono, mosamala. Ndinawafunsa kuti nanga mzere wolakwikawu tingaukonze bwanji titapanda kudziwa pamene palakwika. Mayi wa tomato anati tidutsemo ndi njira yoyamba ija. Tinatero: 2 ndi 3, 3 ndi 7, 7 ndi 4 n'kusinthana, 7 ndi 8, 8 ndi 9. Mafunso asanu, mzere n'kuwongoka. Ndinawaonetsa kuti mzere ukakhala wotsala pang'ono kusanjika, babulo soti sichedwa, ndipo ikadutsa ulendo wathunthu popanda kusinthanitsa aliyense ikhoza kuima pomwepo.

Amalume anali akuwerenga timizere ndi chala. Anaphatikiza 10 ndi 5, nayang'ana 15 wa njira yoyamba uja.

"Ndiye kuti ulemu wa mwanayu watidyera phindu lonse," anatero. "Tibwereze."

Anabwerera m'mizere iwiri ija, 3, 7, 9 ndi 2, 4, 8. Ndinafufuta timizere mpaka kutsala tisanu. 2 anatuluka, 3 anatuluka. Atakumananso patsogolo, mtsikanayo anaimanso chilili, maso pansi. Nthawi ino ndinayankhula. Ndinati funso si loti wamkulu ndani pakati pa anthu awiriwa, funso ndi loti chikwangwani chaching'ono ndi chiti. Sanasunthe. Pamenepo amalume anakweza katoni yawo n'kuphimba nayo nkhope yonse.

"Amalume ako apita kukaona fodya," anatero ali kuseri kwa katoni. "Watsala pano ndi 7. Dutsa, mwanawe."

Anadutsa, koma mowerama, dzanja limodzi litagwira chigongono cha linzake, akunena chapansipansi kuti zikomo. Kalasi yonse inaphulika kuseka, iyenso n'kuseka misozi ili m'maso. Kenako 7 ndi 8, anatuluka 7. 9 ndi 8, anatuluka 8, 9 n'kutsatira. Timizere 10, mzere 2, 3, 4, 7, 8, 9.

Panatsala mphindi zochepa. Mnyamata wa kabaza anati kusiyana kwa mafunso asanu si kwa kukankhira madesiki. Ndinamuuza kuti pa manambala ochepa akunena zoona, koma aganize titati tisanje anthu 60. Babulo soti ingafunse 59, kenako 58, kutsika choncho mpaka 1, onse pamodzi 1,770, pamene meji soti singafike ngakhale pa 300, chifukwa 60 ukamamudula pakati amatha pa maulendo asanu ndi umodzi okha. Ndinalemba manambala awiriwo moyandikana. Belu linalira anthu akuwakopera m'makope.

A lekichala anandiitanira m'kachipinda kosungira mabuku, mmene munkanunkha fumbi ndi mleme. Anakhala pa benchi, ine chiimire. Anandifunsa ngati cholakwika chija ndinachikonza dala kuti kalasi iphunzirepo. Yankho lokoma linali pamlomo penipeni, ndipo ndikukhulupirira kuti likanandikwezera malikisi. Koma ndinati ayi, sindinakonze.

Anati akudziwa, amangofuna amve ngati ndinama. Anandiona pa funso lija nditatsegula pakamwa n'kutsekanso.

"Mtsikana uja anapatukira amalume ake," anatero. "Inu munapatukira ndani?"

Ndinachita manyazi kuposa tsiku limene anandigwetsa, chifukwa tsiku lija anandipeza ndi kusadziwa, pamene lero anandipeza ndikudziwa koma nditakhala chete. Anati bamboyo akanapanda kudzigwira yekha, anthu makumi angapo akanapita kwawo atakopera mzere wolakwika, mphunzitsi wawo akuona. Anati mkulu ukhoza kumubweza mwaulemu, mawu ake alipo, ndipo ndiwafunefune ndisanalandire kalasi yangayanga.

Kenako analemba pafomu nthawi yaitali, n'kunditembenuzira kuti ndisaine. Ndinayang'ana pansi penipeni pomwe pamakhala malikisi. Ndinali nditakhoza, koma mopulumukira pakamwa pa ng'ona, ndipo pamwamba pake panali chiganizo chimodzi choti mphunzitsi anaona cholakwika nachilola kudutsa. Ndinasaina n'kuwabwezera fomuyo.

Titatuluka tinapeza amalume aja akudikira panja, njinga ili m'manja, mtsikanayo ataima kumbuyo kwawo ndi zikwangwani zonse zisanu ndi chimodzi atazisanja bwino. Anafunsa ngati sanandiwonongere mayeso. A lekichala anayankha kuti ayi, n'kupitirira kugalimoto yawo. Ine ndinaima pamenepo n'kuwauza amalumewo kuti pali chinthu chimodzi: m'kope mwawo, pamene ndinadutsa, ndinaona kuti akopera 1,770 ngati 1,707.

Anatulutsa kope m'thumba la jekete, naliyang'anitsitsa atalitalikitsa ndi maso, n'kupempha cholembera kwa mtsikanayo. Anakonza atatsamiritsa kopelo pa chishalo cha njinga, nandionetsa kuti ndione ngati tsopano zili bwino. Ndinati zili bwino.